Mipata ya Pakati pa Zilembo: Mmene Opanga Fonti Amaiyezera

Munthu akamajambula zilembo zakezake pa kompyuta, kaya za chikuto cha buku, kaya za magazini kapena za dzina la kampani, mtima wake wonse umakhala pa mbali yakuda. Amafuna mwendo wa n uwongoke, o azungulire bwino, mchira wa y ukhote mokoma. Zonse zikatha amalemba nazo chiganizo choyamba, ndipo apa m'pamene amadabwa. Chilembo chilichonse pachokha n'chokongola, koma mawu akuphwasuka. Pena zilembo zathithikana mpaka kuchita chigamba chakuda, pena zatayana moti liwu limodzi likuoneka ngati mawu awiri. Vuto silili pa zimene wajambula. Lili pa zoyera zimene wasiya m'mbali mwa chilembo chilichonse.

Mu fonti, chilembo chilichonse chimakhala m'kabokosi kosaoneka. Kabokosiko n'kotakasukirapo kuposa chilembocho, choncho kumanzere kumatsala kampata, kumanja nakonso kampata. Mukamalemba, kompyuta imangogundanitsa timabokosito, kena pambali pa kanzake. Mpata umene mukuuona pakati pa zilembo ziwiri, ndiye kuti, ndi mipata iwiri yophatikizana: wa kumanja kwa chilembo choyamba ndi wa kumanzere kwa chachiwiri. M'mapulogalamu opangira fonti monga Glyphs kapena FontLab, mpata wa kumanzere umalembedwa `LSB`, wa kumanja `RSB`. Zimenezi sizinayambe ndi kompyuta. Kuyambira nthawi ya Johannes Gutenberg ku Mainz, m'zaka za m'ma 1450, chilembo chinkaumbidwa pa kachidutswa ka mtovu, ndipo m'lifupi mwa kachidutswako ndi mmene munali mpata wonse. Likalakwika pa kuumba, bukulo linkatuluka nalo vutolo tsamba lililonse.

Mipatayi sayeza ndi mamilimita, chifukwa fonti imakula ndi kuchepa. Amayeza ndi mayuniti. Msinkhu wa kabokosi kaja amaugawa m'magawo 1,000, ngakhale kuti mafonti ambiri a TrueType amaugawa m'magawo 2,048. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito 1,000.

Cholakwa chimene pafupifupi aliyense woyamba kumene amachita ndicho kupatsa zilembo zonse nambala imodzi, tinene mayuniti 50 uku ndi uku, poganiza kuti kufanana kwa manambala kubala kufanana kwa maonekedwe. Taonani chimene chimachitika. Ikani n awiri pamodzi: pali miyendo iwiri yowongoka, ndipo mpata wa pakati pawo ndi wofanana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ikani o awiri: amayandikana pamimba pokha, koma pamwamba ndi pansi amathawana, n'kusiya zoyera zambiri. Ikani v awiri: amangotsala pang'ono kukhudzana pansonga zapamwamba, pansi ponse pali dzenje. Mukawapatsa onse 50, n ndi n aoneka opanikizana, o ndi o otayana, v ndi v ngati sadziwana n'komwe. Diso la wowerenga siliyeza mtunda wa pamalo pamene zilembo zayandikana kwambiri. Limayeza kuchuluka kwa zoyera zonse. Ganizirani kuti mukuthira mchenga pakati pa zilembo ziwiri zilizonse mpaka pamsinkhu wa zilembo zazing'ono: cholinga n'chakuti mchenga wolowa pakati pa n ndi n ulingane ndi wolowa pakati pa o ndi o, ndi wa pakati pa v ndi a. Kuti zitero, mbali yowongoka imafuna nambala yaikulu, yozungulira yocheperapo, yopendekeka yochepetsetsa.

Funso lotsala n'lakuti, nambala yaikuluyo ikhale ingati? Yankho lake lili m'kati mwa chilembo momwemo. Chilembo cha n chili ndi zoyera m'mimba mwake, pakati pa miyendo yake iwiri. Mukalemba n ambiri motsatizana, diso limaona mwendo, zoyera, mwendo, zoyera, osasiyanitsa kwenikweni zoyera za m'mimba ndi za pakati pa zilembo. Ngati za pakati zili zochepa kwambiri, miyendo imaoneka iwiriiwiri molakwika, mwendo wa kumanja kwa n woyamba n'kumaoneka ngati mnzake wa mwendo wa kumanzere kwa n wachiwiri. Ngati zachuluka, chilembo chilichonse chimaima pachokha ndipo liwu limatha. Ntchito yonse yagona pa kugwirizanitsa zoyera ziwirizi.

Walter Tracy, Mngelezi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Linotype, anafotokoza njira yochitira zimenezi m'buku lake la 1986 lotchedwa Letters of Credit. Nzeru yake ndi yosavuta kuigwira: musayeze zilembo zonse nthawi imodzi. Yezani n ndi o pa zazing'ono, H ndi O pa zazikulu, ndipo zinazo zibwereke manambala kwa zinayizi malinga ndi maonekedwe a mbali zawo. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa imam'landitsa munthu ku kuyendayenda kopanda mapeto, kokonza apa n'kuwononga apo.

Tiyeni tiyese ndi fonti imodzi yachitsanzo, yopanda timapazi kumapeto kwa miyendo, yoti izigwiritsidwa ntchito polemba nkhani za m'magazini. Tinene kuti n wathu ali ndi miyendo yonenepa mayuniti 80 uliwonse, ndipo mimba yake ndi 260. Chilembo chonse ndiye 420.

Tracy amayambira pa theka la mimba. Kwa ife ndi 130 kumanzere, ndi kucheperako pang'ono kumanja. Koma iye ankaganiza makamaka za zilembo za timapazi, zimene timapazito timadzaza gawo la mpatawo. Mu fonti yathu, mukaika 130 uku ndi uku n'kulemba `nnnn`, muona nthawi yomweyo kuti zatayana. Chifukwa chake n'chakuti mimba ya n ndi yotsekedwa pamwamba ndi phewa lokhota lija, pamene mpata wa pakati pa zilembo ndi wotseguka pamwamba ndi pansi, ndipo zoyera za m'mizere zimalowamo n'kuukulitsa. Choncho timatsitsa. Pa 100 zikadali zomasuka. Pa 50 miyendo yayamba kukwatirana molakwika kuja. Pakati pa 70 ndi 80 mzere umakhazikika: diso limayenda popanda pogwira. Titenge 75 kumanzere.

Kumanja sitiika 75. Mbali ya kumanja ya n si yowongoka yonse; pamwamba pali phewa lozungulira limene ladya kona, n'kuwonjezera zoyera pang'ono. Timachotsako mayuniti ochepa, n'kuika 68. Tsopano kabokosi ka n kali ndi 75, 420 ndi 68, pamodzi 563, ndipo pakati pa n ndi n pali 143. Nambala imeneyi ndiyo muyeso wa fonti yonse. Ndi bwino kuchedwa pano, ngakhale tsiku lathunthu, kusiyana ndi kuthamangira ku zilembo zina, chifukwa mukadzasintha n pambuyo pake ndiye kuti mwasintha zonse.

Kenako timalowetsa o pakati pa ma n, ndi mizere yoyesera ngati iyi:

```
nnonn
nnonon
nnoonn
```

Mbali ziwiri za o zimafanana, choncho nambala ndi imodzi. Tiyambe ndi 55. Mu `nnonn`, o akuoneka atayandama pakati, wotalikirana ndi anzake, ndipo mu `nnoonn` pakati pa ma o awiri patseguka dzenje looneka. Titsitse pa 30. Tsopano ma o awiriwo akukumbatirana, mwina n'kuoneka ngati chilembo chimodzi. Pa 42 zonse zitatu zimakhala pamtendere. Werengani manambala ake muone mmene akusiyanirana: n ndi n 143, o ndi n 117, n ndi o 110, o ndi o 84. Pa pepala la masamu n'zosiyana kwambiri, koma pa diso n'zofanana. Mzere wachitatu uja ndi wofunika kuposa inayo, chifukwa cholakwa cha pa o chimawirikiza kawiri ma o akakumana, ndipo chimene chinabisala mu `nnonn` chimaonekera poyera.

Wina angafunse ngati mayuniti 10 ali ndi ntchito. Pa zilembo za mapointi 10, zofanana ndi za m'mabuku ambiri, mayuniti 10 ndi pafupifupi mamilimita 0.035, chinthu chosagwirika. Koma mzere wa zilembo 60, chilichonse chikakula ndi 10, watalika ndi mayuniti 600, kuposa chilembo chathunthu. Ndipo chilembo chobwera kawirikawiri chikalakwika ndi 10, wowerenga sadziwa dzina la vutolo, amangomva kuti tsambalo likumutopetsa.

Zikakhazikika n ndi o, zilembo zambiri zimangogwa zokha. Mbali ya kumanzere ya m ndi r ndi ya n. Mbali ya kumanja ya h ndi m ndi phewa la n lomwe lija, 68. Mimba ya b ndi p kumanja, ndi ya d ndi q kumanzere, imatenga 42 wa o. Mwendo wa d kumanja ndi wowongoka mpaka pamwamba, choncho umatenga 75. Kwa miyendo yaitali ya kumanzere ya h, k ndi l, Tracy amawonjezera pang'ono, ndipo n'zomveka, chifukwa l akatsatana ndi i kapena l mnzake, monga mu "ali" ndi "lili", timiyendo towonda timeneti timathithikana msanga. Mapulogalamu a masiku ano amalola kumangirira ubale umenewu. Mu Glyphs, mukalemba `=n` pa mpata wa kumanja wa h, h amatsatira n nthawi zonse. Mukalemba `=|n` pa mpata wa kumanja wa d, amatenga mbali inayo ya n. `=n+6` amawonjezera mayuniti 6. Mukasintha n tsiku lina, banja lonse limatha kusinthira limodzi popanda kulembanso manambala mmodzimmodzi.

Zopendekeka, v, w ndi y, pamodzi ndi mbali ya kumanja ya k ndi r, zimapatsidwa mpata wochepetsetsa, tinene 12, nthawi zina ziro kumene. Zili kale ndi zoyera zambiri pansi pa mapiko awo.

Ndiye pali zilembo zimene sizibwereka kwa aliyense: a, f, g, s, t, x ndi z. Tracy anazisiyira diso, ndipo palibe njira yachidule. Chilichonse mumachiika pakati pa ma n, kenako pakati pa ma o, monga `nnann` ndi `ooaoo`, n'kusuntha mpaka chikhale pakatikati m'mizere yonse iwiri. Chimathandiza kwambiri ndi kuphimba zilembo zina ndi zala n'kumayang'ana zitatu zokha nthawi imodzi, n'kudzifunsa ngati chapakaticho chatsamira kumanzere kapena kumanja. Sindikizani pa pepala, pa msinkhu umene anthu adzawerengere, osati pa chilembo chodzaza sikirini yonse. Tembenuzani pepalalo chadodolido kuti ubongo usiye kuwerenga mawu n'kuyamba kuona mawanga okha. Tsinzinani pang'ono. Pamene pada kwambiri, pathina. Pamene pawala, pamasuka.

Zilembo zazikulu zimayenda chimodzimodzi ndi `HHOHH` ndi `HHOOHH`, kungoti manambala ake ndi aakulupo poti mimba zake n'zazikulu. Choti musaiwale n'chakuti chilembo chachikulu nthawi zambiri chimatsatidwa ndi chaching'ono, choncho mbali yake ya kumanja iyesedwenso ndi n ndi o.

Apa ndiyenera kunena za chinthu chimene chimawononga mafonti ambiri a oyamba kumene, ndicho kuthamangira keningi. Keningi ndi kukonza mpata wa zilembo ziwiri zokhazokha zikakumana, monga T ndi o, pamene o amayenera kulowa pansi pa denga la T. Ndi chida chabwino, koma ndi cha zotsala. Munthu akaona kuti "na" sakuoneka bwino amaikapo keningi, kenako "ma", kenako "la", kenako "ka", osazindikira kuti wolakwa ndi mmodzi, mpata wa kumanzere wa a. Njira yodziwira ndi iyi: ngati chilembo chikuoneka molakwika mbali imodzi ndi anzake ambiri, konzani mpata wake wa m'mbali, ngati chikuvuta ndi mnzake mmodzi kapena awiri okha, imeneyo ndi ntchito ya keningi. Masamu nawo akuchitira umboni. Zilembo 52, zazikulu ndi zazing'ono, zili ndi mbali 104 zoti muyeze, koma zingakumane ziwiriziwiri m'njira 2,704. Komanso si pulogalamu iliyonse imene imawerenga keningi. Microsoft Word kwa zaka zambiri inkabwera keningi ili yozimitsa, mpaka munthu aiyatse yekha. Mipata ya m'mbali yokha ndiyo imagwira ntchito kulikonse. Fonti yabwino iyenera kuwerengeka bwino keningi isanaikidwe n'komwe.

Gawo lomaliza la kuyesa, limene ife olemba Chichewa tiyenera kulisamala kwambiri, ndi kulemba mawu enieni a chilankhulo chimene fontiyo idzatumikire. Mizere yambiri yoyesera imene imapezeka kale inakonzedwa ndi anthu oganiza za zilankhulo za ku Ulaya. Chichewa chili ndi khalidwe lake. Chilembo cha a chili paliponse, ndipo kawirikawiri chimatsatira zopendekeka zija: wa, ya, kwa, mwa, nya, bwa. Ndiye kuti a, amene sabwereka nambala kwa aliyense, akukumana mzere uliwonse ndi w ndi y, zimene zili ndi dzenje pansi pawo. Mu fonti yathu, a wa mimba pansi ndi kadenga pamwamba tingamupatse 48 kumanzere. Akakumana ndi 12 wa w, pali 60. Lembani "mwana wanga wamwayi" n'kuyang'ana. Ngati "mw" akuoneka womamatirana pamene "wa" watseguka, musakhudze w poyamba. Bwererani ku `nnann` mukaone ngati a sanamasuke kumanzere. Palinso milu ya makonsonanti monga mph, nkh ndi ntch, pamene miyendo yowongoka imatsatana yambiri. Liwu ngati "nkhani" kapena "mphamvu" limaulula msanga ngati miyendo yaitali yathina.

Kenako pali ŵ wa mu Malaŵi. Ayenera kukhala ndi mipata yofanana ndendende ndi ya w, chifukwa kachipewako kali pamwamba ndipo sikasintha zoyera za m'munsi. Choyang'ana n'chakuti kasagundane ndi kadontho ka i wotsatira. Fonti ikasowa chilembochi, kompyuta imabwereka cha fonti ina, chokhala ndi kunenepa kwina ndi mipata ina, ndipo liwulo limathyoka pakati.

Chovuta kuposa zonse, m'kuona kwanga, ndi kachizindikiro ka m'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'mudzi, n'chifukwa, m'bale. Kwa ife kamakhala pakati pa liwu, kambirimbiri pa tsamba limodzi, ndipo pansi pake palibe chilichonse. Tiwerengere. Tinene kuti kachizindikiroko n'kotakasuka mayuniti 90, ndipo wojambula wakapatsa 60 uku ndi uku, manambala ooneka osalakwa. Kabokosi kake ndi 210. Mu "m'mudzi", onjezani 68 wa kumanja kwa m woyamba ndi 75 wa kumanzere kwa m wachiwiri. Pamsinkhu wa zilembo zazing'ono, pamene diso limayenda, patseguka dzenje la 353. N'lalikulu kuposa mimba ya n ya 260, ndipo n'lalikulu kuposa kabokosi kolekanitsa mawu, kamene m'mafonti ambiri a nkhani kamakhala pafupi ndi 250. Wowerenga aona m ataima payekha, "mudzi" patali.

Mankhwala oyamba ndi mipata ya m'mbali. Tsitsani 60 afike pa 25, kabokosi kakhale 140, dzenje lija litsike pa 283. Kupitirira apo n'kovuta, chifukwa kachizindikiroka kamakumananso ndi miyendo yaitali imene imafika pamsinkhu pake. Mu "m'bale" ndi "m'khola", pakati pake ndi mwendo wa b kapena k pali 25 ndi 75 kapena kuposerapo pang'ono, pafupifupi 100, ndipo mukachepetsanso ziyamba kuthithikana. Apa ndiye keningi yapeza malo ake oyenera: chotsani 30 pakati pa m, n kapena g ndi kachizindikiroko, ndi 30 wina pakati pa kachizindikiroko ndi zilembo zazifupi zokha monga m, n, o ndi c. Dzenje la mu "m'mudzi" latsika pa 223, pansi pa mimba ya n, ndipo liwu lagwirana. Mu "ng'ombe" litsika kuposa apo chifukwa o amabwera ndi 42 wake, choncho yang'anani ngati pamenepo sipakufunika kuchotsa zocheperapo.

Manambala onsewa ndi a fonti imodzi, ya kunenepa kumodzi, yowerengedwa pa msinkhu umodzi. Mukajambula mtundu wake wonenepa, miyendo ikafika 150 ndipo mimba ya n n'kutsika pa 190, mipata ya m'mbali iyenera kutsika nayo, ndipo mumayambanso ndi `nnnn`. Zilembo zowonda kwambiri, za mimba zazikulu, zimafuna mipata yomasukirapo. Msinkhu nawo uli ndi mawu: zimene zikuoneka bwino pa mapointi 10 zimaoneka zotayana pa mutu wa nkhani wa mapointi 60, ndipo zoyezedwa kuti zikhale za mitu zimathithikana zikatsitsidwa m'nkhani. N'chifukwa chake mabanja ena a fonti amakhala ndi mitundu iwiri, wa nkhani ndi wa mitu, ndipo wopanga fonti imodzi yokha ayenera kusankha msinkhu umene akuitumizako asanalembe nambala yoyamba ya n.